Amene anali ndi mpata wonena asadandaule ngati amene anangogweredwa tsoka

Munthu akakulakwira, kaya waphwanya pangano kapena wakuonongera katundu chifukwa chosasamala, zovuta zimayamba kubereka zinzake. Wonyamula katundu wachedwa, chigayo chaima, makasitomala athawira kwina, ngongole ya kubanki yakula, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Zonsezi zachokera pa kuchedwa kuja, ndipo palibe angatsutse. Koma khoti silingamulipitse wochedwayo zonsezi. Limaika malire penapake n'kunena kuti zakumtunda kuno alipire, zakumunsi uko zatalikira. Funso ndi lakuti malirewo amaikidwa pati.

Malamulo amene tinatengera ku Mangalande, amene makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia amagwiritsabe ntchito pa nkhani zotere, ali ndi miyeso iwiri. Wina ndi wa milandu ya kontirakiti, pamene anthu awiri anapangana. Wina ndi wa milandu imene maloya amaitcha toti, pamene munthu wavulaza mnzake kapena kumuonongera chinthu mosasamala, popanda pangano lililonse pakati pawo. Miyeso yonse iwiri imafunsa ngati wolakwayo akanatha kuoneratu vutolo, ndipo chifukwa cha ichi ambiri amaganiza kuti ndi muyeso umodzi wovala malaya awiri. Si choncho. Wa kontirakiti ndi wothina, wa toti ndi wotakasuka. Pali akatswiri amene amati kusiyanaku ndi chisokonezo chabe, ndipo miyesoyi iphatikizidwe. Ine ndikuona kuti kusiyanaku n'koyenera, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: mu kontirakiti wodandaula anali ndi mpata wolankhula zinthu zisanaipe, pamene mu toti analibe.

Tiyambe ndi chigayo, chifukwa lamuloli linabadwira pachigayo. Mlandu wa Hadley ndi Baxendale unaweruzidwa m'chaka cha 1854. Chigayo cha Hadley mumzinda wa Gloucester chinathyoka shafuti. Kuti apange ina, amisiri a ku Greenwich anafuna yothyokayo kuti atengerepo miyeso. Eni chigayo anaipereka kwa kampani yonyamula katundu, analipira mapaundi awiri ndi mashereni anayi, koma kampaniyo inachedwetsa shafutiyo masiku angapo. Masiku onsewo chigayo chinali zii, pakuti panalibe shafuti ina. Eni chigayo anafuna phindu limene anataya. Khoti linakana, ndipo jaji Alderson anaika lamulo la mbali ziwiri. Wophwanya pangano alipire choyamba zovuta zimene zimadza mwachibadwa, monga zinthu zimayendera masiku onse. Chachiwiri alipire zovuta zimene onse awiri akanaziganizira pa nthawi yopangana, chifukwa cha zinthu zapadera zimene anauzana. Khoti linati wonyamula katundu sakanadziwa kuti chigayo chaima: eni chigayo ambiri akanakhala ndi shafuti yapadera, kapena chigayocho chikanakhala choima kale pa zifukwa zina.

Taonani mawu akuti pa nthawi yopangana. Si pa nthawi yophwanya pangano. Ukauza wonyamula katundu kuti chigayo chaima iye atanyamuka kale, mtengo mutagwirizana, mawu akowo sasintha kanthu pa malire a chipukuta misozi. Chifukwa chake n'chomveka. Akanadziwa kuti akunyamula chinthu chimene chaimitsa bizinesi yonse, akanakweza mtengo, kapena akanatuma galimoto yakeyake, kapena akanalemba m'pangano kuti salipira phindu lotayika, kapenanso akanakana ntchitoyo. Munthu amene walandira mapaundi awiri sangasenzetsedwe chiopsezo cha mapaundi mazana chimene sanauzidwe.

Mlandu wa Victoria Laundry ndi Newman Industries wa 1949 ndi umene umaonetsa bwino mmene mbali ziwirizi zimagawira ndalama. Kampani yochapa ndi kudaya zovala inagula boila yaikulu, ndipo ogulitsa anaibweretsa patapita miyezi isanu kuchokera pa tsiku limene anapangana kuti ifike. Ogulawo anafuna ndalama za mitundu iwiri: mapaundi 16 pa sabata a phindu la makasitomala atsopano wamba, ndi mapaundi 262 pa sabata a ntchito zodaya zimene akanapatsidwa ndi unduna wa boma pa mtengo wabwino kwambiri. Khoti la apilo linati phindu wamba lilipidwe, chifukwa ogulitsawo anali mainjiniya ndipo ankadziwa kuti boilayo ikufunika msanga pa bizinesi yochapa. Koma phindu lapadera la ntchito za boma lija linakanidwa, pakuti palibe anawauza za ntchitozo. Kuchedwa kunali kumodzi, boila inali imodzi, koma gawo lalikulu la ndalama linagwa chifukwa cha kusalankhula.

Jaji Asquith pofotokoza chigamulocho anagwiritsa ntchito mawu akuti zimene munthu wanzeru akanaoneratu, ndipo mawu omwewo anadzakhala muyeso wa toti. Apa m'pamene chisokonezo chinayambira. Kuti timve bwino, tiwolokere kaye ku mbali ya toti.

Mu Okotobala 1951, sitima yotchedwa Wagon Mound inali kumwa mafuta padoko la Sydney ku Australia, ndipo antchito ake anataya mafuta ambiri pamadzi mosasamala. Mafutawo anayandama mpaka pa doko la kampani ya Morts Dock, kumene amisiri ankawotcherera zitsulo pokonza sitima. Bwana wa kumeneko anaimitsa ntchito, anafunsa, anakhutira kuti mafuta a mtundu umenewo sayaka ali pamadzi, ntchito n'kuyambanso. Patapita masiku awiri chitsulo chosungunuka chinagwera pa zinyalala za thonje zoyandama, moto unabuka, doko ndi sitima zinapsa. Lamulo lakale, la mlandu wa Polemis wa 1921, linkati wosasamala alipire zonse zochokera mwachindunji pa kusasamala kwake, kaya akanazioneratu kaya ayi. Koma m'chaka cha 1961 khoti la ku London limene linkamva apilo ya maiko ngati Australia linataya lamulo limenelo. Linati munthu alipire mtundu wa chionongeko umene munthu wanzeru akanauoneratu. Kudetsedwa kwa doko ndi mafuta kukanaoneka patali, koma jaji woyamba anali atapeza kuti moto sukanaoneka. A Morts Dock anabwerera chimanjamanja.

Chodabwitsa n'chakuti moto womwewo unabweranso kukhoti, pa mlandu wachiwiri umene unagamulidwa mu 1966, ndipo ulendo uno odandaula anapambana. Anali eni sitima ziwiri zimene zinapsa. Umboni wawo unaonetsa kuti injiniya wamkulu wa sitima, ngati ali wanzeru, akanadziwa kuti mafutawo angathe kuyaka, ngakhale kuti zotere zimachitika mwa apo ndi apo. (A Morts Dock sakanalimbikira umboni umenewu pa mlandu woyamba. Akanati moto unali wooneka patali, akanadzimanga okha, pakuti iwo ndiwo anapitiriza kuwotcherera pamwamba pa mafutawo.) Jaji Reid anati chiopsezo chaching'ono, bola chikhale chenicheni osati chongopeka, sichinganyalanyazidwe pamene kuchipewa sikukanatayitsa ndalama ndipo kutaya mafutako kunalibe chifukwa chomveka.

Ndiye muyeso wa toti ndi uwu: chiopsezo chenicheni, ngakhale chochepa. Ndipo choyenera kuoneratu ndi mtundu wa chionongeko basi, osati kukula kwake kapena njira yeniyeni imene chadzera. Pa mlandu wa Hughes wa 1963, antchito anasiya dzenje la mumsewu ku Edinburgh lopanda mlonda, litazunguliridwa ndi nyale za parafini. Mnyamata wa zaka 8 anagwetsera nyale m'dzenjemo, panaphulika, ndipo anapsa kwambiri. Kuphulikako palibe akanakuyembekezera, koma kupsa ndi nyale kunali kooneka, ndipo khoti linati kupsa ndi kupsa.

Jaji Reid yemweyo ndiye anasiyanitsa miyeso iwiriyi momveka, m'chaka cha 1967, pa mlandu wa sitima ya Heron II. Sitimayo inanyamula matani 3,000 a shuga kuchokera ku Constanza m'dziko la Romania kupita ku Basrah m'dziko la Iraq, koma mwini wake anapatukira madoko ena n'kufika atachedwa masiku 9. Pa masiku amenewo shuga wina anafika pamsika ndipo mtengo unatsika kuchoka pa mapaundi 32 ndi mashereni 10 pa tani kufika pongopitirira pang'ono mapaundi 31. Mwini sitima sankadziwa kuti eni shuga akufuna kugulitsa atangofika, koma ankadziwa kuti ku Basrah kuli msika wa shuga, ndipo mitengo ya pamsika imakwera ndi kutsika. Khoti linati alipire. Koma Reid anatsindika kuti mu kontirakiti sikokwanira kuti vuto linali looneka patali. Liyenera kukhala chinthu chimene sichikanadabwitsa munthu chitachitika, ngakhale chisafike pa theka ndi theka. Anapereka fanizo la makadi anjuga. Sakanizani makadi 52. Kuti khadi la pamwamba likhale dayamondi, mwayi wake ndi umodzi mwa inayi, ndipo zitatero simungadabwe. Kuti likhale naini wa dayamondi, mwayi wake ndi umodzi mwa 52. N'zotheka, munthu wanzeru angazione, koma si zoyembekezereka. Kontirakiti imalipira dayamondi. Toti ingalipire ngakhale naini wa dayamondi.

Chifukwa chimene Reid anapereka ndi chimene ndikuchiteteza pano. Wopangana angathe kudziteteza pouza mnzake za chiopsezo chachilendo pangano lisanamangidwe. Wodutsa mumsewu amene wagundidwa ndi galimoto, kapena mwini sitima imene yapsa ndi mafuta a mnzake, sanakhalepo pansi ndi wolakwayo. Sanasankhe kukumana naye, sanakambirane mtengo, sanapatsidwe mpata wonena kuti samalani, ine fupa langa n'lofooka. Ngati chinthu chachilendo chachitika, pakati pa wosalakwa amene analibe mawu ndi wosasamala, n'kwanzeru kuti mtolo ugwere wosasamalayo.

Tiyerekeze nkhani ya kuno kwathu, ndi manambala ongoyerekeza. Mayi ali ndi chigayo cha magetsi pa tireding'i senta. Mota yapsa. Apangana ndi mwini lole kuti aipititse kutauni kwa amisiri ndi kuibweretsa Lachisanu, pa mtengo wa K80,000. Mwini lole atengeka ndi ntchito ina ya fodya, mota ifika itachedwa masiku 8. Chigayocho chimapanga phindu la K50,000 pa tsiku, titachotsa magetsi, malipiro a anyamata ndi zina. Komanso mayiyo anali atapeza mwayi woperekera ufa kusukulu yogonera komweko teremu yonse, phindu lake K3,000,000, ndipo sukuluyo itaona kuti ufa sukubwera inapereka ntchitoyo kwa wina.

Ngati mayiyo anangoti nayi mota, kaisiyeni kwakuti, ali pafupi kwambiri ndi Hadley. Loya wake anganene kuti mwini lole ndi wa pamalo pomwepo, anaona yekha kuti chigayo chatsekedwa, ndipo aliyense amadziwa kuti zigayo zazing'ono sizisunga mota yapadera. Mtsutso umenewu ungapambane, chifukwa zimene munthu amadziwa mwa ntchito yake ndi malo ake zimawerengedwa ngati zodziwika kwa iye, koma udzadalira umboni. Ngati mayiyo ananena poyera, asanagwirizane mtengo, kuti chigayo chaima mpaka motayi ibwere, K400,000 ya masiku 8 ili m'kati mwa malire. K3,000,000 ya sukulu ili kunja, monga mapaundi 262 aja, pokhapokha ngati anaitchula nayonso pa nthawi yopangana. Uthenga wa pa foni wolembedwa tsiku lopangana, wonena kuti chigayo chaima, palibe mota ina, ndipo pali oda ya sukulu yoyamba Lolemba imene itayika mota ikachedwa, ndi umboni wamphamvu kuposa mboni zitatu zokumbukira zokamba pakamwa. Uthenga womwewo utatumizidwa Loweruka, lole itachedwa kale, sukulitsa malire.

Pali misampha ina itatu imene imagwetsa milandu yotere ngakhale malire atapambanidwa. Anthu amawerengera ndalama zonse zolowa m'malo mwa phindu, pamene khoti limachotsa zimene sizinagwiritsidwe ntchito chigayo chili chiimire, monga magetsi. Ena amalephera kuonetsa mabuku, pamene ndalama zapadera zotere ziyenera kutchulidwa m'zikalata za mlandu ndi kutsimikizidwa ndi umboni. Ndipo wodandaula ayenera kuti anayesetsa kuchepetsa vutolo: ngati panali mota yobwereka pa K20,000 pa tsiku ndipo mayiyo anangokhala, khoti lingamupatse mtengo wobwerekerawo osati phindu lonse lotayika.

Tsopano sinthani nkhani. Mota yabwera, wa magetsi ailumikiza mosasamala, usiku mawaya atentha, moto ugwira chigayo n'kudumphira pa golosale ya neba, mmene munali zigubu za petulo zimene wa magetsiyo sankadziwa. Golosale yonse yapsa ndi nyumba ya kuseri. Neba alibe pangano ndi wa magetsi. Funso kwa iye ndi limodzi: kodi munthu wanzeru akanaona kuti mawaya olumikizidwa molakwika angabutse moto wofika kwa oyandikana nawo? Inde. Kuti petulo anakulitsa motowo kuposa mmene aliyense akanaganizira sikumuchotsa wa magetsiyo pa mlandu, chifukwa mtundu wa chionongeko, kupsa ndi moto, unali wooneka. Nebayo sanafunsidwe kuti anachenjeza ndani, pakuti analibe woti amuchenjeze.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo siyenera kupeputsidwa. Amati: nanga ngati chionongeko chili chofanana, bwanji munthu amene analipira ndalama pa pangano atetezedwe mochepa kuposa mlendo amene sanalipire kanthu? Mlandu wa Parsons ndi Uttley Ingham wa 1978 unaonetsa vutoli. Alimi a nkhumba anagula nkhokwe yachitsulo yosungira chakudya cha nkhumba, ndipo oimika anaiwala kutsegula polowera mpweya pamwamba pake. Chakudya chinachita nkhungu, nkhumba zinadwala matenda a m'mimba, ndipo 254 zinafa. Pa nthawiyo sizinali zoyembekezereka kuti chakudya cha nkhungu chingaphe nkhumba chotero. Majaji onse atatu anati ogulitsa alipire, koma anadzera njira zosiyana. Jaji Denning anati pamene chaonongeka ndi thupi kapena katundu, muyeso ukhale wa toti ngakhale pali pangano, ndipo muyeso wothina usungidwire phindu lotayika. Anzake awiri, Scarman ndi Orr, anakana kugawa choncho. Anati chokwanira n'chakuti kudwala kwa nkhumba kunali koganizirika ngati nkhokwe ipereka chakudya choipa, ndipo kukula kwa matendawo sikufunika kuoneratu.

Ine ndili kumbali ya awiriwo pa lamulo, koma ndikuvomereza kuti Denning anagwira chinthu choona. Mfundo ya mpata wolankhula imagwira ntchito pamene wodandaula akudziwa chinthu chimene mnzake sakudziwa, monga oda ya sukulu kapena ntchito za boma. Mlimi wa nkhumba sankadziwa za matendawo kuposa wogulitsa nkhokwe. Analibe choti aulule. N'chifukwa chake makhoti akafika pa kuvulala kwa thupi ndi kuonongeka kwa katundu amautambasula mtundu wa chionongeko mpaka miyeso iwiri ija itatsala pang'ono kukumana, ndipo m'pomveka. Kusiyana kwenikweni kumaluma pa ndalama za phindu, pamene wina amasunga chinsinsi cha bizinesi yake kenako n'kufuna kuti mnzake achilipire. Koma apanso pali chilema chimene sichinathe: ngati mtundu ndiwo wofunika osati kukula, bwanji mapaundi 16 ndi mapaundi 262 a Victoria Laundry asatchedwe mtundu umodzi, phindu lotayika? Yankho loona ndi lakuti makhoti amadula mtundu mopyapyala pa ndalama ndi mokhuthala pa thupi, ndipo amachita zimenezi mwadala.

Nanga pamene munthu mmodzi angasumire pa njira zonse ziwiri? Loya, wowerengera ndalama, injiniya kapena wa magetsi uja ali ndi pangano ndi kasitomala wake, komanso ali ndi udindo wosamala pansi pa toti. Mayi wa chigayo angayesedwe kuthawa muyeso wothina polemba mlandu wake ngati wa toti. Khoti la apilo la ku Mangalande linatseka khomo limeneli mu 2015 pa mlandu wa Wellesley Partners ndi Withers, pamene maloya analemba molakwika chikalata cha mgwirizano wa kasitomala wawo ndipo kasitomalayo anafuna phindu lotayika. Linati pamene udindo wa toti ukuyendera limodzi ndi wa pangano, muyeso wa kontirakiti ndiwo ugwire ntchito, chifukwa awiriwo si alendo ndipo anali ndi mpata wouzana. Chigamulochi sichimanga makhoti a ku Malawi, koma chimamveka, ndipo ndingakonde kuti jaji wa kuno atakumana ndi nkhani yotere achitsatire pa milandu ya ndalama.

Chimene sindingakonde kuti titengere mosaganiza ndi mlandu wa sitima ya Achilleas wa 2008. Obwereka sitima anaibweza atachedwa masiku 9. Eni ake anali atapangana kale ndi wobwereka wina pa madola 39,500 pa tsiku, ndipo chifukwa cha kuchedwako, msika utagwa, anakakamizika kutsitsa mtengo ndi madola 8,000 pa tsiku pa nthawi yonse ya pangano latsopanolo. Anafuna madola oposa 1.3 miliyoni. Khoti lalikulu linawapatsa pafupifupi madola 158,000 okha, kusiyana kwa mtengo wa msika ndi wa pangano pa masiku 9 aja. Jaji Hoffmann anati funso si kuoneratu kokha, komanso ngati wophwanya pangano anavomera kusenza chiopsezo cha mtundu umenewo, ndipo pa msika wa sitima anthu ankamvetsetsa kuti obwereka salipira pangano lotsatira. Pa msika wa akatswiri, wokhala ndi chizolowezi chodziwika kwa onse, mfundoyi ili ndi malo ake. Koma ikaperekedwa kwa mwini lole aliyense, adzangoti ine sindinavomere, ndipo mayi amene anachita zonse zoyenera, amene ananena poyera za chigayo ndi za sukulu mtengo usanagwirizanidwe, adzapezeka akutsutsana za zimene zinali mumtima mwa mnzake. Makhoti a ku Mangalande omwe pambuyo pake anati Hadley ndiye lamulo la masiku onse, ndipo njira ya Achilleas ndi ya milandu yochepa yachilendo. Mwini lole amene wauzidwa za oda ya K3,000,000 ndipo sakufuna kuisenza ali ndi njira yake yoonekeratu: alembe pa lisiti, asananyamule mota, kuti akachedwa salipira zoposa ndalama zakuti, ndipo mayiyo asankhe kuvomera kapena kufuna lole ina.